Kalembedwe ka kalata yopita kwa makolo a ana a madrasa ndi Sande sukulu poyamba temu

Kalata imene makolo amalandira poyamba temu imayenera kuwauza masiku amene mwana azibwera, ndalama zimene alipire, ndi khalidwe limene likuyembekezeka kwa mwana komanso kwa mphunzitsi. Malangizo awa ndi a mlembi wa komiti, mwalimu wa madrasa, kapena mphunzitsi wamkulu wa Sande sukulu muno mu Lusaka amene wapatsidwa ntchito yolemba kalatayo. Kuti zimveke bwino, titsatira chitsanzo chongoyerekeza cha madrasa ya ana 60 ku Chawama, yophunzira Lolemba mpaka Lachinayi masana, pa temu yoyamba ya 2026, ndipo pamene Sande sukulu imasiyana ndi madrasa tizinena. Ndalama zonse zimene zatchulidwa m'chitsanzochi ndi zongophunzirira masamu ake, choncho inu mudzaikapo zanu.

Gawo loyamba: komiti igwirizane kalata isanalembedwe

Musayambe kulemba komiti isanakhale pansi. Mlembi amene walemba yekha tsiku lotsegulira kapena kuchuluka kwa fizi, kenako shehe kapena abusa n'kulengeza zosiyana pa Lachisanu kapena pa Sabata, amasiya makolo ali ndi mauthenga awiri, ndipo kholo lililonse limatsatira uthenga umene ukulikomera. Pamsonkhanowo pakhale mtsogoleri wa mzikiti kapena wa mpingo, msungichuma, aphunzitsi onse, ndi makolo awiri kapena atatu. Zimene mwagwirizana zilembedwe m'buku la misonkhano tsiku lomwelo, chifukwa kalata yopita kwa makolo iyenera kungobwereza zimene zili m'bukumo. Msonkhanowu uchitike masabata atatu temu isanayambe, kuti kalata ifike kwa makolo kutatsala masabata awiri.

Gawo lachiwiri: kupeza masiku

Apa ndi pamene makalata ambiri amalakwika, chifukwa wolemba amayang'ana kalendala imodzi yokha pamene zofunika ndi zitatu.

Yoyamba ndi kalendala ya sukulu imene Unduna wa Maphunziro umatulutsa. Sukulu za m'Zambia zili ndi matemu atatu, yoyamba kuyambira Januwale mpaka Epulo, yachiwiri Meyi mpaka Ogasiti, ndipo yachitatu Seputembala mpaka Disembala. Koperani masiku enieni a chakacho kuchokera pa kalendala ya unduna kapena kwa ahedi a sukulu yapafupi, osadalira zimene mukukumbukira za chaka chatha. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kutsegula madrasa sabata imodzi sukulu zitatsegulira kale. Sabata yoyamba makolo amakhala ali pa yunifomu ndi mabuku, ana amene anapita kumudzi ku Chipata kapena ku Petauke amakhala asanabwere onse, ndipo chachikulu n'chakuti sukulu zambiri za boma mu Lusaka zimagawa ana, ena kuphunzira m'mawa ena masana. Mwana sadziwa bwino gulu lake mpaka sukulu itatsegulira, ndipo madrasa yoyamba 14:30 singathandize mwana amene nthawi imeneyo ali m'kalasi. M'chitsanzo chathu tiyerekeze kuti sukulu zatsegulira Lolemba pa 12 Januwale, choncho madrasa iyamba Lolemba pa 19 Januwale, ndipo kalata ifunse kholo kuti mwana ali m'gulu la m'mawa kapena la masana.

Yachiwiri ndi kalendala ya maholide a boma. Pa temu yoyamba pali Tsiku la Amayi pa 8 Malichi, Tsiku la Achinyamata pa 12 Malichi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Isitala. Holide ikagwa pa Sabata, anthu amapuma Lolemba lotsatira, ndipo izi zikuchitika mu 2026 pakuti 8 Malichi ndi pa Sabata. Pa matemu enawo musaiwale 25 Meyi, Tsiku la Ngwazi ndi Tsiku la Umodzi amene ndi Lolemba loyamba la Julayi ndi Lachiwiri lotsatira, Tsiku la Alimi pa Lolemba loyamba la Ogasiti, komanso 18 ndi 24 Okutobala.

Yachitatu ndi kalendala ya chipembedzo, ndipo kwa madrasa ndiyo yovuta kwambiri. Chaka cha Chisilamu chimatsatira mwezi ndipo chili ndi masiku pafupifupi 354, kotero Ramadani imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mu 2025 inayamba kumayambiriro kwa Malichi, pamene mu 2026 ikugwera pa 18 kapena 19 Febuluwale, ndipo Idi ikugwera pa 20 kapena 21 Malichi. Tsiku lenileni limadziwika pokhapokha mwezi ukaoneka, ndiye kalata yolembedwa mu Januwale singalitchule motsimikiza. Njira yabwino ndi kusankha masiku otsekera ndi otsegulira amene sangasinthe kaya mwezi uoneke tsiku liti. Madrasa ya chitsanzo chathu ipuma masiku khumi omaliza a Ramadani, choncho itseka Lachinayi pa 5 Malichi n'kutseguliranso Lolemba pa 23 Malichi. Kaya Idi ikhale Lachisanu kapena Loweruka, tsiku la Lolembalo silisuntha, ndipo maholide a pa 9 ndi 12 Malichi agwera mkati mwa tchuthi chomwecho. Temu itha Lachinayi pa 2 Epulo, Lachisanu Loyera lisanafike. Mukawerenga, mupeza masabata 7 tchuthi chisanafike ndi masabata 2 pambuyo pake, onse pamodzi masabata 9 kapena masiku 36 ophunzira. Chiwerengerochi chisungeni, chifukwa chidzafunika pofotokoza za fizi.

Dziwaninso kuti Idi si holide ya boma m'Zambia, choncho ikagwa mkati mwa sabata ana amayembekezeka kusukulu. Ndi bwino kukumbutsa makolo m'kalatamo kuti apemphe okha chilolezo kwa ahedi.

Kwa Sande sukulu ntchitoyi ndi yopepuka, pakuti tsiku la Isitala limadziwika kale, ngakhale kuti limasintha chaka ndi chaka. Mu 2025 linali pa 20 Epulo, ndipo mu 2026 ndi pa 5 Epulo. Kuyambira pa 18 Januwale mpaka pa 29 Malichi pali Masabata 11. Chimene chimafunika ndi kufunsa abusa kapena ansembe Masabata amene ana adzapemphera pamodzi ndi akuluakulu, monga tsiku la Mgonero, la ubatizo kapena la msonkhano waukulu wa mpingo, ndi kuwalemba m'kalata kuti makolo asatumize ana ku kalasi imene kulibe.

Tsiku lililonse lilembedwe ndi dzina lake, nambala yake ndi mwezi, monga "Lolemba pa 19 Januwale 2026". Mawu akuti "sabata yamawa" amasokeretsa, makamaka uthenga ukamatumizidwa kuchoka foni ina kupita ina patadutsa masiku. Nthawi nayo ilembedwe monga timawerengera kuno, 14:30 kapena 16:30, ndipo nthawi yoweruka ikhale yoti ana afike kunyumba kusanade, pokumbukira kuti mu Juni dzuwa limalowa 18:00 isanakwane.

Pomaliza pa za masiku, ikanimo chiganizo chonena zimene zidzachitike boma likasintha kalendala. Kumayambiriro kwa 2024, chifukwa cha kolera, tsiku lotsegulira sukulu linasunthidwa kuchoka pa 8 Januwale kupita pa 29 Januwale, kenako pa 12 Febuluwale. Kalata yonena kuti "boma likatseka sukulu chifukwa cha matenda, nafenso titseka, ndipo tidzakudziwitsani tsiku latsopano" imachotseratu mtsutso. M'makomboni amene madzi amasefukira nthawi ya mvula, monga Kanyama, onjezerani kuti mvula ikagwa yambiri kholo lili ndi ufulu wosunga mwana kunyumba, ndipo sadzawerengedwa kuti wajomba.

Gawo lachitatu: kuwerengera fizi

Kuyambira 2022 makolo salipira fizi m'sukulu za boma, choncho ambiri amafunsa chifukwa chimene madrasa kapena kalasi ya kutchalitchi ikufunira ndalama. Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake ndi kuonetsa masamu. Yambani ndi zimene temuyo idzadye. M'chitsanzo chathu aphunzitsi ndi awiri, aliyense amalandira chithokozo cha K800 pamwezi kwa miyezi itatu, zomwe zikukwana K4,800. Choko, kaundula wa mayina ndi mapepala ojambulitsa ndi K600, madzi, sopo ndi mankhwala a klorini ndi K450, ndipo gawo la magetsi ndi K300. Zonse pamodzi ndi K6,150.

Makomiti ambiri amagawa ndalamayi ndi chiwerengero cha ana onse, n'kupeza K102.50 pa mwana, kenako mwezi wachitatu n'kumadabwa kuti chithokozo cha aphunzitsi chasowa. Gawani ndi chiwerengero cha ana amene akulipiradi. Pa ana 60, tiyerekeze kuti 10 ndi amasiye kapena ochokera m'mabanja amene komiti yagwirizana kuti asalipire, ndipo buku la temu yatha likuonetsa kuti enanso 5 sanamalize kulipira. Otsala ndi 45, ndipo K6,150 kugawa ndi 45 ikupereka K137 mukaizungulira. Komiti ikhoza kuika K150 pa temu, chifukwa imagawika bwino m'magawo atatu a K50. Ana 45 akalipira K150 aliyense zikwana K6,750, ndipo K600 yotsalayo ndi imene ingathandize pochotsera mabanja a ana ambiri. Mwachitsanzo, mwana wachitatu wa m'banja limodzi akhoza kulipira theka, kotero banja la ana atatu lilipira K375 m'malo mwa K450.

Masiku olipira aikidwe patadutsa masiku ochepa mwezi utatha, pamene ambiri alandira malipiro, monga pa 5 Febuluwale, pa 5 Malichi ndi pa 2 Epulo. Pano ndi pamene chiwerengero cha masabata chija chikugwira ntchito. Kholo likaona kuti mu Malichi ana apuma masabata awiri, lidzafunsa chifukwa cholipirira K50 yonse. Lembanimo kuti fiziyo ndi ya temu yonse ya masabata 9, ndipo yangogawidwa patatu kuti isalemere.

Nenani njira zolipirira mosasiya mpata wokayikira. Ndalama ilandiridwe ndi munthu mmodzi yekha, msungichuma, ndipo aliyense wolipira alandire lisiti lochokera m'buku la manambala lokhala ndi pepala lotsalira. Ngati mukulandira kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo, lembani nambala imodzi ndi dzina limene limaoneka pa foni munthu asanatsimikize kutumiza, ndipo onjezerani kuti komiti sidzasintha nambalayo kudzera pa uthenga wa pafoni. Akuba amatumiza mauthenga onamizira kusintha kwa nambala, ndipo chiganizo chimodzichi chimateteza makolo. Pemphaninso wotumiza kuti anene dzina la mwana ndi kalasi yake, chifukwa ndalama yotumizidwa kudzera kwa ejenti imafika ndi dzina la ejentiyo, ndipo msungichuma sangadziwe mwini wake. Ana aang'ono asapatsidwe ndalama ya fizi kuti abweretse.

Kalata inene poyera zimene zimachitika fizi ikachedwa. Maganizo anga ndi akuti mwana asabwezedwe pakhomo la mzikiti kapena la tchalitchi chifukwa cha ngongole ya kholo, ndipo mayina a amene sanalipire asawerengedwe pagulu kapena kuikidwa pa gulu la WhatsApp. Mwana amene wachititsidwa manyazi motero kawirikawiri sabweranso, ndipo ndalamayo simuipeza. Lembani kuti kholo limene likuvutika likaonane ndi msungichuma pambali tsiku lolipira lisanafike, ndipo tchulani nthawi imene amapezeka.

Sande sukulu zambiri sizilipiritsa fizi, ndiye vuto lake limakhala kusakaniza chopereka ndi ndalama yogulira chinthu. Chopereka ndi chaufulu ndipo kalata isachiikire mtengo. Buku la katekisimu, ulendo wa ana kapena chakudya cha pa Khirisimasi zili ndi mtengo wodziwika, choncho chilichonse chilembedwe pachokha, ndi mtengo wake, tsiku lomaliza kulipira, komanso ngati mwana amene sanalipire akhoza kupitirizabe kalasi. Ku madrasa kusiyanitsa komweku kumafunika pakati pa fizi ndi sadaka.

Gawo lachinayi: malamulo a khalidwe

Malamulo akhale ochepa, osapitirira asanu ndi awiri, ndipo lililonse likhale loti munthu angaone ndi maso ngati lasungidwa kapena ayi. Mawu akuti "ana akhale aulemu" ndi abwino koma sathandiza mphunzitsi tsiku la mlandu. Lembani kuti mwana afike mphindi khumi kalasi isanayambe, kuti foni sizololedwa m'kalasi, kuti akajomba masiku atatu otsatizana mphunzitsi adzaimbira kholo, ndi kuti mwana wodwala, makamaka wotsegula m'mimba, asabwere. Za zovala zitchulidwe mwatchutchutchu. Ku madrasa nenani ngati anyamata akufunika kanzu ndi kofia kapena chovala chilichonse chaukhondo chofika m'munsi mwa mawondo, ngati atsikana akufunika mpango wa kumutu, ndiponso ngati ana azibwera atapanga kale udhu kunyumba, zimene zimathandiza kwambiri masiku amene madzi kulibe. Tchulaninso zimene mwana azinyamula, monga Kaida, juzu kapena Kurani m'kachikwama koyera, kapena Baibulo ndi buku la nyimbo kwa a Sande sukulu.

Gawoli lisakhale la ana okha. Lamulo la ana nambala 12 la 2022 limaletsa kulanga mwana pomumenya, choncho kalata inene kuti mphunzitsi sadzakwapula mwana, ngakhale kholo litapereka chilolezo. Makolo ena amanenadi kuti "mukwapuleni, ndi wanu", koma mawu amenewo sateteza mphunzitsi pamaso pa lamulo. M'malo mwa chikwapu lembani masitepe amene mudzatsatire. Koyamba mphunzitsi amachenjeza mwana ndi kulemba m'kaundula, kachiwiri kholo limaitanidwa, ndipo kachitatu nkhani imapita ku komiti, imene yokha ndiyo ingaimitse mwana. Onjezerani kuti mphunzitsi sadzatsala yekha ndi mwana mmodzi m'chipinda chotseka, sadzatuma ana kunyumba kwake, ndipo sadzaika zithunzi zawo pa intaneti popanda chilolezo cha kholo. Kholo limene lili ndi dandaulo lidziwe munthu wokamuuza amene si mphunzitsi wa mwanayo, ndipo nambala ya 116, imene ndi yaulere yothandiza ana, ikhoza kulembedwa kumapeto.

Funso la amene adzatenge mwana poweruka lisasiyidwe. Ana aang'ono, makamaka amene amawoloka msewu waukulu monga wa Kafue, atengedwe ndi munthu amene dzina lake lili m'kaundula.

Gawo lachisanu: kulemba kalatayo

Zonsezi zikwane pa tsamba limodzi, masiku poyamba, ndalama pakati, khalidwe pomaliza. Ziphunzitso ndi mavesi ambiri zisiyireni ulaliki, pakuti kholo lotopa limawerenga mizere yoyamba yokha. Kalata ya chitsanzo chathu ingamveke motere.

"Okondedwa makolo ndi olera ana, Asalamu alaikumu. Komiti ya madrasa ikukudziwitsani kuti temu yoyamba iyamba Lolemba pa 19 Januwale 2026 ndipo itha Lachinayi pa 2 Epulo. Ana aziphunzira Lolemba mpaka Lachinayi, kuyambira 14:30 mpaka 16:30. Tidzapuma kuyambira Lachisanu pa 6 Malichi chifukwa cha masiku omaliza a Ramadani ndi Idi, ndipo tidzayambiranso Lolemba pa 23 Malichi. Boma likatseka sukulu chifukwa cha matenda, nafenso titseka.

"Fizi ya temu yonse ndi K150 pa mwana, ndipo mukhoza kulipira K50 pofika pa 5 Febuluwale, pa 5 Malichi ndi pa 2 Epulo. Mwana wachitatu wa m'banja limodzi alipira K75. Ndalamayi ndi ya chithokozo cha aphunzitsi, choko, mapepala, madzi, sopo ndi magetsi. Lipirani kwa amsungichuma okha ndipo landirani lisiti. Ngati zinthu zavuta, chonde kaonaneni nawo pambali Lachinayi likatha phunziro. Palibe mwana amene adzabwezedwe chifukwa cha fizi."

Pambuyo pake pabwere malamulo, siginecha ya mtsogoleri ndi ya mlembi, ndi kachigawo kodula kamene kholo lilembepo dzina la mwana, giledi yake, gulu lake la kusukulu, nambala za foni ziwiri, matenda amene mphunzitsi ayenera kudziwa monga mphumu kapena khunyu, ndi dzina la womutenga poweruka. Popeza mu Lusaka muli zinenero zambiri, ndi bwino kuika Chinyanja mbali imodzi ya pepala ndi Chingerezi mbali inayo, koma manambala onse afanane ndendende.

Musanajambulitse, perekani kalatayo kwa kholo limodzi limene silinali pamsonkhano, ndipo mulifunse kuti mwana ayamba liti, lilipira zingati pofika liti, ndipo likadandaula lipita kwa yani. Likakayika pa funso lililonse, mzere umenewo ulembedwenso. Tengani kalendala n'kuona ngati dzina la tsiku lililonse likugwirizana ndi nambala yake, chifukwa "Lolemba pa 20 Januwale" mu 2026 kulibe, ndipo makolo ena adzabwera Lolemba ena Lachiwiri.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kutumiza ndi kutsatira

Gwiritsani ntchito njira zitatu pamodzi. Pepala lipite ndi mwana kapena liperekedwe kwa kholo pamanja, kalata iwerengedwe pagulu ikatha swala ya Lachisanu kapena pa zolengeza za pa Sabata kawiri motsatizana, ndipo mawu omwewo atumizidwe pa WhatsApp. Pa foni tumizani mawu olembedwa, chifukwa chithunzi cha pepala chimadya bandulo ndipo ena sachitsegula. Kwa agogo ndi ena amene sawerenga, jambulani uthenga wa mawu wosapitirira mphindi ziwiri, ndipo kwa amene ali ndi foni zazing'ono tumizani uthenga waufupi wa masiku ndi fizi basi, pokumbukira kuti SMS imodzi imanyamula zilembo 160.

Tizigawo todula tija ndi timene tidzakuuzeni ngati kalata yafika. Sabata yoyamba ikatha, yerekezani timene tabwera ndi kaundula. Ngati pa ana 60 tabwera 41, mabanja a ana 19 otsalawo aimbiridwe foni kapena ayenderedwe tsiku loyamba lolipira lisanafike, pakuti nthawi zambiri pepalalo limakhala likadali m'chikwama cha mwana. Ngati chinthu chasintha mkati mwa temu, tumizani uthenga watsopano wokhala ndi tsiku lolembera pamwamba ndi mawu akuti "uthenga uwu ukulowa m'malo mwa wa pa 5 Januwale", ndipo muutumize m'njira zitatu zomwe zija. Kope limodzi la kalata iliyonse lisungidwe m'buku la misonkhano pamodzi ndi masamu a msungichuma, kuti powerengera fizi ya temu yachiwiri mu Epulo komiti idzadziwe chiwerengero chenicheni cha ana amene analipira.